Khansala wa Wadi Yomwe Kulibe

Asisi anga amayenda chotsimphina chifukwa ng'ona inawagwira mwendo akutunga madzi pa Zambezi. Anzawo anaimenya ndi ndowa ndi mitengo mpaka inawataya. Anagona nthawi yaitali m'chipatala ku Katondwe, ndipo atatuluka anabwerera pa dooko lomwelo, poti kumudzi kwathu, cha ku Mphuka, kulibe kwina kotunga. Ndayamba ndi mwendo umenewu dala, kuti aja amanena kuti ndinalemba kalata ku khonsolo pofuna kutchuka adziwe chimene chinkandiwawa. Ndinkafuna mjigo m'mudzi, asisi aleke kutsikira kumtsinje, basi.

Ine ndine mtolankhani wa pa Boma pa Feira, wa mtundu uja wotumiza nkhani ku Lusaka pa foni n'kumadikira ngati aisindikiza kapena aitaya. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Koma pa nkhani iyi ndinapirira kuposa mmene anthu amaganizira.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anakhalapo khansala kalekale, kenako anagwa pa chisankho. Kwathu udindo sutha. Munthu akakhalapo hedimasitala amafa ali a Hedi, akakhalapo khansala ndiye a Khansala mpaka kumanda. Izi zokha sizikanavuta. Vuto linabwera atadulanso malire a mawadi, mudzi wathu n'kugwera ku wadi ina yomwe khansala wake ndi mayi wa kumtunda, kutali ndi mtsinje, amene ambiri anangomuona pa pepala lovotera. Amalume anapezerapo mpata. Anauza anthu kuti mayi uja ndi wa midzi ya kumtunda yokha, kuti khonsolo yawonjezera wadi yatsopano ya anthu a m'mbali mwa mtsinje, ndipo iwo awapempha kuti ayambe aigwirizira. Jekete anali nalo, chikwama cha mapepala anali nacho, ndiye anthu akanakayika chiyani?

Asisi atagwidwa ndi ng'ona mudzi unakumana, n'kulemba pempho la mjigo kuti lipite ku thumba la chitukuko lija aliyense amangoti CDF. Anthu anadinda zala, pempho n'kuperekedwa kwa amalume pamodzi ndi mtolo wa nsomba zouma wa paulendo. Anakwera njinga kubwera ku Boma, anabwerera n'kunena kuti zonse zili m'manja. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Midzi ina inkakumbiridwa mijigo tikuona, ife zili m'manja.

Kukayika ndinkakayika, koma mphwa sangaimirire pagulu n'kunena kuti malume wake akunama popanda chogwira. Akanangoti mwana wa pa Boma wayamba mwano. Anthu akwathu amakhulupirira pepala lokhala ndi chidindo, ndipo ine ndinafuna pepala lotero. Kutchula dzina la amalume m'kalatamo sindikanatha, chifukwa Feira ndi kamalo kakang'ono, ukanena chinthu mu ofesi m'mawa, masana chafika kale pa msika wa nsomba. Choncho ndinalemba funso looneka lachibwana. Ndinati monga mtolankhani ndikupempha kudziwa kuti boma lino lili ndi mawadi angati, mayina ake ndi ati, ndiponso makhansala alipo angati.

Kalata iliyonse yopita ku khonsolo imalembedwa kwa mlembi wamkulu wa khonsolo, ndiye amalembapo kuti aiyankhe ndani. Ndinasindikiza makope awiri, n'kupita nawo ku rejisitiri, komwe amalandira makalata. Kalaliki wa kumeneko, mayi wochokera ku Chipata, anawerenga n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Funso lake ndi lomweli? Ndikuuzeni pompano, mupite."

"Ndikufuna yankho lolemba, amayi, lokhala ndi chidindo."

Anaseka, anadinda kope langa kusonyeza kuti alandira, n'kundibwezera.

Kudikira kwake kunanditentha mutu. Kalata inafika kwa mkulu woyankhula ndi atolankhani, mnyamata waulemu wochokera ku Lusaka, ndipo anandiimbira foni kufunsa kuti kumbuyo kwa funsoli kuli nkhani yanji. Sindinamuuze. Yankho analemba msanga, koma linkadikira siginecha ya mlembi wamkulu amene anali ku msonkhano kunja kwa boma. Ndinkapita, ndinkabwerera chimanjamanja, thukuta lili chuchuchu ndi dzuwa la kuno losaseka ndi munthu, uku ndikudziwa kuti m'mawa uliwonse asisi ali pa dooko.

Yankho litatuluka linali lalifupi. Analemba chiwerengero cha mawadi ndi mayina ake onse, n'kunena kuti wadi iliyonse ili ndi khansala mmodzi wosankhidwa ndi anthu. Pamwamba pa amenewa pali wapampando wa khonsolo, amene amasankhidwa ndi anthu a m'boma lonse, ndi mipando ya mafumu. Anawonjezera kuti khonsolo ilibe mphamvu yopanga wadi kapena yoika munthu kukhala khansala, zimenezo ndi za bungwe loyendetsa zisankho. Wadi ya amalume munalibe. Pondipatsa kalatayo, mnyamata uja anandiuzanso kuti mapempho a zitukuko a chaka chimenecho atsala pang'ono kutsekedwa, ndipo amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi, momwe khansala weniweni amakhala.

Ndinapita kumudzi tsiku lomwelo. Ndinayamba ndi amalume paokha, monga mwa ulemu. Ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde, ndinakhala pansi, ndinawomba m'manja, kenako n'kuwawerengera. Sanasiye kusoka.

"Amalume, pempho la mjigo linapita kuti?"

"Ndinapita nalo," anatero. "Anandiuza kuti lidzere ku komiti ya mayi wa kumtunda uja."

"Ndiye munapita?"

Apa ndi pomwe anaika ukonde pansi. "Ine ndikagwade kwa mwana amene ndinamuona akutuluka mamina? Ine amene ndinakhala m'khonsolo iye asanadziwe kulemba dzina lake?"

Mwana wa mlongo wawo anatsala pang'ono kudyedwa, iwo n'kumasunga ulemu wa jekete. Ndinawapempha kuti auze okha anthu, anene kuti panali kusamvana, ine sindidzatsegula pakamwa. Anandiyankha kuti ndikafuna kuwavula pagulu ndiwavule, tione amene anthu amumvere.

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi ndinapempha kuti aime pang'ono. Ndinawerenga kalata ija m'Chingerezi, ndinaimasulira, ndinaikweza m'mwamba kuti aone chidindo. Dzina la amalume sindinatchule. Ndinangoti mudzi wathu uli mu wadi yakuti, khansala wake ndi mayi wakuti, ndipo tikafulumira mjigo tingaupeze chaka chino. Ndinkayembekeza phokoso. M'malo mwake mkulu wina wa mpingo, amene ankasodza ndi malemu atate, anayankhula motsitsa mawu.

"Tamva, mwana wathu. Koma iwe wawerengera amalume ako kalata pa tchalitchi?"

Mlandu unatembenukira pomwepo. Za mjigo palibe anazitchulanso. Nkhani inakhala ya mphwa amene wachititsa manyazi malume wake pamaso pa akazi ndi ana. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ambiri sanadabwe n'komwe. Madzulo ake mphunzitsi wina anandinong'oneza kuti iye ankadziwa kalekale, ndi ena ambiri ankadziwa, koma munthu wamkulu sadumphidwa. Kupita kwa mayi uja kukanakhala kudumpha a Khansala, ndipo wodumpha woyamba ndiye akanasenza mlandu wonse. Aliyense ankadikira kuti amalume atope okha.

Ndinapalasa njinga kupita kumtunda kwa khansala weniweni. Ndinkafuna kukamukalipira kuti bwanji safika kwathu, koma anandiyankha kuti anatumizapo uthenga wa msonkhano, n'kuuzidwa kuti mudzi uli kale ndi owuyankhulira. Anati pempho sangalembe yekha, ndipo ine wokhala pa Boma sindingalembere mudzi. Pafunika eni ake akumane, agwirizane kuti chosowa chawo chachikulu ndi mjigo, asaine, ndipo komiti ilandire tsiku lisanakwane. Anati adzabwera pa sukulu yoyandikana ndi kwathu, ine ndingobweretsa anthu.

Ndinayenda khomo ndi khomo. Uyu akuti ali ndi maliro kutsidya, uyu akuti njovu zalowa m'mapira akagona kumunda, uyu akuti ayambe wamva kwa a Khansala. Amalume sanaletse munthu ndi mmodzi yemwe. Anangokhala pakhonde pawo, pomwe njira yopita ku sukulu imadutsa, atavala jekete. Tsiku la msonkhano mayi uja anabwera ndi anthu a komiti yake, tinakhala m'kalasi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo a midzi ina anapereka mapempho awo. A kwathu sanabwere.

Panali patatsala mpata wochepa woti tikapereke mochedwa, ndiye ndinagona kumudzi, m'mawa n'kupita kwa asisi. Ndinkadziwa kuti iwo akangoyamba kusaina, ndi mwendo wawo uja, azimayi ena atsatira. Ndinawapeza akutsuka zigubu.

"Asisi, inu nokha mukayambe. Palibe angakunyozeni inuyo."

"Iwe," anatero osandiyang'ana, "munda ndikulimawu anandipatsa ndani? Mwana wanga akadzafuna kukwatiwa, adzamuyankhulira ndani?"

"Ndiye mufe chifukwa cha munda?"

"Iwe mawa ukwera njinga kubwerera ku Boma. Ine ndigona konkuno."

Ndinakalipa. Ndinanena kuti mudzi wonse ndi wa amantha, kuti akuopa nkhalamba yonama kuposa ng'ona, kuti tsiku lina tidzakumana pa maliro awo ndipo amalume adzayankhula pamanda atavala jekete lomwelo. Mawu amenewo ndinawanena ndipo sindiwabweza. Asisi anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anamanga chitenje, ananyamula zigubu, n'kuyamba kutsika. Ndinawatsatira ndikulankhulabe, mpaka tinafika pa dooko.

Mtsinje unali phee, madzi ofiirira, osaoneka pansi. Anaika chigubu chimodzi pamchenga, n'kutembenuka.

"Poti wabwera, ima apa pamtunda uziyang'ana madzi," anatero. "Ukaona chinthu chikuyenda, ukuwe."

Ndinaima pomwepo, maso pamadzi, iwo n'kulowa mpaka m'mawondo.