Mipendero ya Madiresi a Sukulu

Makina anga osokera anali a pamanja, ndipo bambo a kunyumba ankawayang'ana ngati mbuzi yonenepa. Iwo anali mesenjala paboma ku Lundazi, oyenda pansi, ndiye ankafuna kuwagulitsa kuti agule njinga. Tinapangana kuti makinawo akapanda kutidyetsa zaka ziwiri zotsatizana, apite.

Kumsika kunkafunika khadi la chipani, ndipo langa linali litatha ntchito. Ndinangoika tebulo pakhonde n'kuyamba kusoka mayunifomu.

Chaka choyamba, sukulu zili pafupi kutsegulidwa, amayi anabwera ndi nsalu zawo kuchokera ku Mphamba ndi ku Magodi komwe. Vuto linali lakuti ndinaphunzirira kusoka pa ana anga. Mwana wako sumusokera chomuyenera lero, umasoka choti akuliremo. Diresi lililonse ndinkapinda mpendero wa chikhatho chathunthu, m'mbali n'kubisamo nsalu ina. Ana a eni ankachoka pakhomo panga akupepeluka ngati mbendera, amayi awo akundidalitsa.

Chaka chachiwiri, nyengo yomweyo, pakhonde panali zii. Ndinkaona madiresi anga akudutsa pamsewu, onse amoyo, opanda ndi chigamba chomwe. Ndinapsa mtima, koma womukalipira ndinamusowa, poti wolakwa ndinali ine. Bambo anayamba kuimba mluzu, mpaka anakayeza chishalo cha njinga ya mnzawo.

Kenaka anafika mayi wina wa ku Mphamba, akukoka mtsikana amene mawondo ake anali pamtunda.

"Monile, amama. Uyu wakula monga cimanga ca fetelaiza. Nsalu kusitolo kulibe, uzi kulibe. Nicite bwanji?"

Ndinatembenuza diresilo, ndinatenga lezala, n'kudula ulusi wa mpendero mosamala. Nsalu inatsika. Ndinamasula m'mbali, n'kusita ndi simbi yamakala kuti mzere wakale ugone, ndiye n'kupindanso pang'ono. Mayiyo anafunsa mtengo, ine ndinatchula mangwee ochepa. Analipira osanenerera.

Mbiri inayenda. Ana sakula pa Januwale pokha, amakula chaka chonse, ndipo wina akatalika mnzake amanenepa. Ena anayesa kumasula okha kunyumba, lezala n'kudya nsalu, nabwera nazo kwa ine kuti ndizigambe. Ulusi ndinkaitanitsa ku Chipata, ndipo sabata sinkatha osapeza ya sopo ndi mchere. Nsalu yobisika ija inali isanaone dzuwa, choncho diresi lotsitsidwa linkakhala ndi mzere wowala m'munsi. Ana akafola pamsewu kuti aombere m'manja akuluakulu a chipani, anthu ankayang'ana magalimoto, ine ndikuwerenga mizere yanga.

Njinga bambo anaigula patapita zaka zitatu, theka la ndalama litachokera pakhonde pomwepo. Tsiku loyamba tcheni linawatafunira mwendo wa buluku. Anabwera nalo n'kuliika pambali pa makina aja.

"Mangwee makumi awiri," ndinatero. "Ndipo mudikire, pali madiresi atatu patsogolo panu."