Mawu anga pa chithunzi cha legeni

Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri kuno ku Mpanshya, ndipo nditapuma ntchito chimene chinanditsalira ndi mawu. Lamlungu ndikaimirira kuwerenga m'tchalitchi, ndi ogona kumabenchi akumbuyo omwe ankadzuka. Ndinkanyada nazo, sindibisa. Choncho pamene anabwera mtsikana wina wa ku Lusaka, wokonza mavidiyo, akufuna munthu woti awerenge m'Chisoli kavidiyo kophunzitsa zochita munthu akalumidwa ndi njoka, anthu onse anamulozera kwa ine. Ine ndinavomera asanamalize kupempha.

Anabwera ndi bambo wina wa pa wailesi, wamimba yake, woti awerenge za Chinyanja. Tinakumana m'kachipinda kosungiramo mabuku kusukulu, atakoloweka mabulangete m'makoma kuti mawu asamamveke ngati a m'mgolo. Mtsikanayo anatipatsa mapepala atatu aliyense. Pepala lililonse linali logawidwa pakati ndi mzere wotsika. Kumanzere kunalembedwa zimene diso lidzaone: mlimi akupalira, mwendo wolumidwa, manja akumanga. Kumanja kunali zimene khutu lidzamve, mawu a wowerenga ndi pamene nyimbo idzalowe. Mizere yopingasa inadula pepalalo m'timabokosi, kalikonse ndi nambala yake ndi masekondi ake, kotero kuti chithunzi ndi mawu ake zinkayang'anizana.

Ndinaliyang'ana pepalalo n'kuipidwa. Ine ndinazolowera ndime yathunthu, yoti mpweya uziyenda. Izi zinali zidutswa zokhazokha.

Bambo wa pa wailesi uja analikonda ngati chakudya. Asanawerenge ankayamba wasuzumira kumanzere, kenako n'kunena kuti, "Mzere wachitatu," n'kukhala chete pang'ono, n'kuwerenga, n'kukhalanso chete. Pamene kumanzere kunati mwana akulira, mawu ake anafewa. Pamene kunati masekondi asanu ndi awiri, anayesa, napyola, nadula liwu limodzi ndi pensulo, nabwereza mzere umenewo wokha. Ndinamufunsa ngati satopa ndi kuimaima.

"Amayi, ine vidiyo sininaione," anatero. "Maso yanga ni aya ya kumanzere. Nikapanda kuziba chili pa chithunzi, ningaseke pamaliro."

Tsiku limenelo nthawi inatha ine ndisanawerenge, chifukwa ndinali ndisanamasulire. M'mawa mwake iwo ankapita ku Shikabeta kukajambula zotsala mvula isanawononge msewu. Mtsikanayo anandionetsa mojambulira mawu pafoni yanga, n'kundigwira dzanja mondichonderera.

"Ba ticha, napapata, muzikamba nambala ya mzere mukalibe kubelenga. Ine Chisoli sinimvela olo pang'ono. Nambala ndiye izaniuza poika mau yanu."

Ndinati ndamva, ndizitchula nambala ndisanawerenge. Mumtima ndinati kamwana aka kakuphunzitsa ine kuwerenga, ine amene ndinaphunzitsa anthu a msinkhu wa amayi ake.

Kunyumba ndinatenga kope, n'kukopera danga la kumanja lokha m'Chisoli, ndime imodzi yosalala, yopanda nambala. La kumanzere sindinalilabadire, ndinati zithunzi ndi ntchito ya eni ake. Nditafika pa mzere wachinayi ndi wachisanu, uphunzitsi unandikwera. Wachinayi unkati, "Onani izi. Musachite zimenezi, zimawononga mwendo." Wachisanu unkati, "Chitani chonchi, ndipo fulumirani naye kuchipatala." Ine m'kalasi sindinkayamba ndi cholakwa. Mwana umamuonetsa choyenera poyamba, choletsedwa pambuyo. Ndinaisinthanitsa mizere iwiriyo, n'kudziyamikira kuti ndakonza. Ndinawerenga zonse kamodzi, mokoma, n'kutumiza.

Patapita sabata vidiyo inafika pafoni, ndi uthenga wa mtsikana uja. Anati popeza nambala panalibe, wadula mawu anga pamene ndinkapuma n'kuwaika motsatana ndi mizere ya pepala. Anati ndiionere bwino ndi pepala m'manja, ndimuuze ngati zagwirizana, ndipo ndisapatse munthu aliyense chifukwa sinathe, ngakhale mtanda wofiira wosonyeza zoletsedwa anali asanauike.

Ndinaitsegula ndikusenda nyemba. Foni ndinaiika pa mpando, maso ali m'lichero, makutu ali pa mawu anga. Anamveka bwino kwabasi. Madzulo ake kunali kuphunzira nyimbo za kwaya, ndipo ndinalephera kudzigwira. Ndinawaonetsa anzanga, iwo anaombera m'manja, wina nati ndimutumizire, winanso, winanso. Ndinatumizira anthu asanu ndi mmodzi.

Panapita masiku anayi ndisanakhale pansi ndi pepala lija. Ndinaika chala pa mzere woyamba, mlimi akupalira, mawu n'kugwirizana. Wachiwiri, wachitatu, bwinobwino. Pa wachinayi chala changa chinali pa mawu a kumanzere akuti manja akumanga legeni mwamphamvu pamwamba pa bala. Pafoni manja aja anakoka legeni, mphira uja wa chubu cha njinga, mpaka mnofu kutupa m'mbali. Ndipo mawu anga, omwe aja a m'tchalitchi, ananena modekha kuti, "Chitani chonchi, ndipo fulumirani naye kuchipatala." Kenako panabwera chithunzi choyenera, munthu atagonekedwa osagwedezeka, mwendo atauchirikiza ndi kamtengo kuti usapindike, anthu akumunyamula. Apo ndinamva ndikunena kuti musachite zimenezi, zimawononga mwendo.

Ndinabwereza katatu, ngati kuti kachitatu zisintha. Unali mwezi wopalira, udzu utakula, nthawi imene mphiri zimagona m'mizere ya chimanga osathawa munthu.

Ndinamuimbira mtsikana uja nthawi yomweyo. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangofunsa kuti, "Mwapasa bangati?" Nditamuuza anati nditenge pepala, ndiwerengenso pompo, mzere ndi mzere. Ndinawerenga ngati mwana wa giredi wani. Mzere wachinayi, chete, mawu, chete. Ndisanatsegule pakamwa ndinkayang'ana kumanzere. Pa mzere wa legeni mawu anga anauma okha, chifukwa tsopano ndinkaona chimene ndikuletsa. Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe vidiyo yokonzedwa inafika, ndi mtanda wofiira wake. Iye anati ntchito yoika mawu sinamutengere ndi ola lomwe.

Koma yoyamba ija inali itayenda kale. Ndinakwera njinga kuyendera anthu asanu ndi mmodzi aja, ndipo aliyense anafufuta ine ndikuona. Aliyensenso anali atapatsako ena. Wina anatumizira mlongo wake ku Chinyunyu. Wina anapatsa munthu wotchaja mafoni pamsika, amene amaikira anthu nyimbo ndi mavidiyo m'timakhadi. Ndinapita kwa iyeyo, anafufuta, koma sanathe kukumbukira kuti waikira angati. Lamlungu ndinapempha kulankhula pa zolengeza. Ndinaimirira pamalo pomwe ndimawerengera n'kunena kuti ndinalakwitsa, osamanga legeni, osatema, osayamwa bala. Anthu anagwedeza mitu, ena anaseka pang'ono poona aphunzitsi akuvomera kulakwa. Koma tsiku limenelo kunagwa mvula, ndipo a kumidzi yakutali sanabwere.

Masiku otsatira ndinakhala ndi mantha amene sindinawadziwepo. Njinga ikadutsa mothamanga kulowera kuchipatala, ndinkatuluka kukaona chimene yanyamula. Ndikamva mfuu kumunda, khasu linkandigwa m'manja. Ndinkadzitonthoza kuti anthu akhala akumanga malegeni kuyambira kale, ine ndisanabadwe. Koma ndinkadziwanso kuti anamwino akhala zaka akuwaletsa, ndipo ambiri anali atayamba kumva. Tsopano amene ankawauza kuti amange ndinali ine, m'chilankhulo cha amayi awo.

Zinachitika Lachinayi masana, patatha masabata awiri ndi theka. Ndinali pa mpopi pamene mayi wina anati kwabwera ngolo ya ng'ombe ndi munthu wolumidwa, wochokera kutsidya kwa mtsinje. Ndinasiya ndowa pomwepo. Sindikumbukira njira, ndimangokumbukira kuti patapata imodzi inaduka ndipo ndinafika nayo m'manja.

Pakhonde la chipatala panakhala mayi amene ndinamuphunzitsa ali mwana, tsopano wa ana ake anayi. Wolumidwayo anali mwamuna wake. Mphiri inamuluma m'mawa akupalira, ndipo mtsinje utadzaza anachedwa kuwoloka, kotero kuti anafika dzuwa litapendeka. Chitseko chitatseguka ndinaona mwendo wake, wotupa, wakuda kuyambira pansi pa bondo. Namwino anatuluka, nati adokotala akuti amutumize ku Lusaka, ndipo za mwendowo sangalonjeze. Ananena mofatsa kuti ululu wa mphiri umadya mnofu, ndipo ukautsekera malo amodzi maola onsewo, magazi osayenda, umadya kwambiri. Mayi uja sindikhulupirira kuti anamva, maso ake anali pa ine.

Anadzuka, nandigwadira, nandigwira manja onse awiri.

"Ba ticha, zikomo," anatero akulira. "Apongozi benze kukamba ati osamanga, ba nasi banaletsa. Ine n'nabaonetsa foni, n'nati mvelani, aba ni ba ticha banga, sibanganame. N'namanga mwamphamvu monga mwamene munakambila. Sin'namasule njila yonse."

Ndinamudzutsa n'kukhala naye pa benchi. Ndikanatha kukhala chete, iye n'kupita ku Lusaka akundidalitsa. Koma kwawo kunali anthu ena amene anaona foni ija, ndipo kupalira kunali kusanathe. Ndinamuuza zonse, za pepala la madanga awiri, za nambala zimene ndinakana kutchula, za mizere imene ndinasinthanitsa, ndi kuti apongozi ake ndiwo ananena zoona.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anachotsa manja ake m'manja mwanga pang'onopang'ono, nawapukuta pa chitenje, n'kusunthira kumapeto kwa benchi. Tinakhala choncho mpaka ambulansi inabwera.

Mwamuna wake anabwerako patatha miyezi iwiri, mwendo ataudula pansi pa bondo. Amabwera kutchalitchi ndi ndodo ziwiri ndipo amandipatsa moni mwaulemu. Mkazi wake amabweranso, koma ikafika nthawi yanga yowerenga amanyamula mwana wake wamng'ono n'kukaima panja mpaka nditamaliza.