Chikwangwani cha a Musadule

A Musadule ndi telala, koma lumo amaliona ngati mdani. Buluku akasoka limasesa msewu. Ukadandaula amati ukula nalo, ngakhale uli ndi imvi. Nkhani zawonso n'chimodzimodzi: moni yekha amatha tiyi atazizira.

Shopu yawo inagundana khoma ndi ya mlamu wawo, telalanso, amene anaphunzirira pa makina awo omwewo kenaka n'kutsegula yake. Chiyambire pamenepo moni wa awiriwa ndi wa m'mphuno.

Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani cha nsalu ya pulasitiki: kumanzere a Musadule atavala suti, tepi m'khosi, kumbuyo khoma la njerwa, kumanja mawu amodzi oti TELALA. Atamva kuti mlamu akulanda makasitomala, anapita kwa mayi wa pakompyuta amene anachikonza, atanyamula mutu watsopano: TELALA WA MASUTI, MADIRESI A UKWATI NDI MAYUNIFOMU, LOWANI PANO.

Mayiyo anatsegula fayilo yakale n'kulemba mawuwo. Mawuwo anathera panjira, malo atachepa. Mayiyo anati achepetse zilembo. A Musadule anati anthu a m'basi saziona. Mizere iwiri? Anati imeneyo ndi kalata ya kuchipatala. Nanga adule chithunzi, patsale mutu ndi mapewa?

"Mayi, suti imeneyo ndinasoka ndekha. Musadule ngakhale batani."

Mayi uja anatambasulira malo ojambulapo kumanja, osakhudza chithunzi. Pamalo oyera amene anatsala anakoperapo njerwa za khoma lija, kuzilumikiza mizere ndi kusakaniza kuti njerwa yothimbirira isamabwerebwere ngati wangongole. Sanakoke chithunzi chonse, poti a Musadule akanatuluka ofufuma ngati pilo. Mawu onse analowa. Kenaka anawachenjeza kuti msinkhu ndi womwewo koma m'litali chawonjezeka kwambiri, ndiye akayeze kaye khoma.

"Ine ndimagona ndi tepi, mayi. Sindikizani."

Tsiku lokhoma, chikwangwani chinadutsa chitseko chawo, chinadutsa zenera, n'kupitirira. Mlamu anatuluka, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anamwetulira. Anati khoma lake ndi lawo lomwe, pachibale palibe malire. Makwerero anagwira yekha, misomali anapereka yake.

Tsopano suti ndi tepi zili pamwamba pa chitseko cha a Musadule. LOWANI PANO ali ndendende pamwamba pa chitseko cha mlamu, ndipo anthu ndi omvera. Akwati amaima, amasirira suti, amawerenga mpaka kumapeto, n'kulowa pamene auzidwa.

Akazi awo a Musadule anawaikira lumo patebulo, kuti angodula mawu awiri omalizawo. A Musadule analiyang'ana, anayang'ana mzere wa anthu kwa mlamu, n'kulibweza m'dirowa. Anati chikwangwanicho chilibe vuto, shopu ikula nacho.