Fuliji ya Masiku Awiri

Ndinkagwira ntchito yogula katundu pakampani ina ya zomangamanga. Tsiku lina Lachisanu nditafika kunyumba ku Chawama, ndinapeza fuliji yatsopano ikung'ung'udza m'chipinda chochezera. Anali atatumiza ndi bambo wina amene ankatigulitsa simenti. Mkazi wanga anali atadzazamo kale maaisibuloko ogulitsa.

Ndinaimbira abwana, kenako ndinakhala pansi n'kulemba kakalata: "Bambo, zikomo kwambiri potiganizira. Koma malamulo a kuntchito satilola kulandira mphatso kwa otigulitsa katundu, kupatula tinthu ngati kalendala. Ndawadziwitsa abwana ndipo ndikubweza fulijiyi. Musakhumudwe, mitengo yanu tidzaiona monga mwa nthawi zonse."

"Imwe ba tate ŵake, malamulo yali ku nchito," anakalipa mkazi wanga. "Pano ni pa nyumba!"

Lamlungu fuliji inatuluka pa wilibala, maaisibuloko akusungunuka m'beseni. Anansi anabwera kudzatipepesa ngati pamaliro.

Bambo uja sanakwiye. Chaka chikutha anatumiza kalendala, mkazi wanga n'kuipachika pomwe panali fuliji. Mpaka lero ndikapempha madzi ozizira, amangondilozera kalendalayo.