Levulo Yanga ndi ya Alamu

Masiku a Chitaganya ndinali mmisiri womanga pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo chuma changa chinali levulo, choyezera ngati pamalo papendekeka, yatsopano ya ku Limbe, ya mkuwa m'mphepete. Ndinkaipukuta kuposa nsapato za kutchalitchi.

Tsiku lina akapitawo anatituma, ine ndi alamu anga a ku Kapichi, omwenso anali amisiri, kukakonza pokhazika sikelo ya masamba kufakitale. Sikelo sifuna popendekeka. Titakhoma mathabwa otchingira konkire, ndinaika levulo yanga pathabwa lochokera kukhomo kupita kuzenera. Kathovu ka m'galasi lake kanakhala pakati penipeni pa mizere iwiri ya pagalasipo.

Alamu anaika yawo, yakale, yakuda ngati chikuni. Kathovu kanathawira kukhomo.

"Kuno kwakwera, alamu," anatero. Pajatu kathovu kamathamangira kokwera.

"Yanuyo yakalamba," ndinayankha.

Anthu onyamula madengu a masamba anayamba kuima. Ine, poona kuti mboni zachuluka, ndinakweza mawu. Ndinafotokoza ngati aphunzitsi kuti levulo imadziweruza yokha: umalemba choko pamene yakhala, nuwerenga kathovu, kenaka nuitembenuza, mutu kupita kumene kunali mchira, pamalo omwewo. Ikakhala yoona, kathovu kabwerera pomwe kanali. Kakasuntha, ndiye kuti ndi yabodza.

"Yambani yanu," anatero alamu.

Ndinalemba choko, n'kuitembenuza monyadira. Kathovu kanayenda pang'onopang'ono, n'kukadumpha mzere wa kukhomo. Ndinapendeketsa mutu, kuyang'anira chammbali kuti mwina kangaoneke ngati kabwerera.

"Diso likhale pamwamba penipeni pa galasi," anatero alamu mofatsa. "Khosi lithyoka."

Mayi wina anatula dengu pansi kuti aseke bwino.

Mwamwayi alamu sanadziwe polekera. Anaika yawo pachoko pomwepo, kathovu kukhomo monga kale. Atatembenuza, kanawolokera chakuzenera. Anaiyang'ana ngati mwana wawo waba pamsika. Anthu aja ananyamula madengu n'kumapita, atakhuta.

Tinatsala awiri, ndi malevulo awiri abodza, akapitawo akufuna konkire dzuwa lisanapendeke. Komabe yabodza imagwira ntchito ukadziwa bodza lake: choona chimakhala pakati pa mawerengedwe awiriwo. Tinatsitsa thabwa kukhomo pang'onopang'ono, ine kutembenuza yanga, mpaka kathovu kanapatuka mofanana, ulendo uno kuzenera, ulendo winawo kukhomo. Ya alamu inavomereza chimodzimodzi. Tinatero ndi mathabwa onse, n'kuthira.

Sikelo inakhala bwino. Madzulo, tikudutsa m'minda ya tiyi kupita kumalayini kumene tinkakhala, alamu anati, "Koma thabwa lija linalidi lokwera kukhomo."

"Linali," ndinavomera.

"Mukawauze achemwali anga kuti ndinanena ndine."

Nditafika kunyumba ndinapeza akazi anga atamva kale, ndipo m'nkhani imene inawafika munalibe levulo ya achimwene awo.