Thope Liume Kaye

Mumsewu monse anthu amawatchula kuti a Liumekaye, ndipo eni ake sakwiya nalo dzinalo. Ali ndi kachipinda kochapiramo zovala kuseri kwa malo ometera, momwe muli mabeseni atatu, simbi yamakala ndi burashi yothothoka. Manja awo anachita kung'aluka ndi sopo.

Dzinali silinabwere lokha. Ali mnyamata, pa ntchito yawo yoyamba, anapatsidwa thalauza loyera la bwana lili ndi thope laliwisi. Pofuna kuonetsa changu, analitikita m'madzi otentha. Thope linalowerera mu ulusi, thalauza n'kusanduka lofiirira, ntchito n'kuthera pomwepo.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankaphunzira unamwino, sankakonda kufika kumalo ochapirako. Anzake akamufunsa ntchito ya bambo ake ankangoti, "Ali ndi kabizinesi." Bambowo ankadziwa, ndipo zinkawapweteka, koma ankangomezera mumtima.

Tsiku lina masana mwanayo anatulukira kumalo ochapirako misozi ili mbwembwembwe. Galimoto inali itamuthira matope kuchokera pachifuwa mpaka m'maondo. Mawa lake kunali mayeso omaliza kuwodi, yunifolomu yoyera anali nayo imodzi yokhayo, ndipo wovala zakuda salowa. Atangosintha, anathamangira nayo kumpopi.

"Iwe, usaiviike!" anakuwa bambowo.

"Ababa, nthawi ikutha! Mukufuna ndilephere?"

"Kuthamanga si kufika, mwanawe. Ukalitikita laliwisi likulowa mkati mwa nsalu, likufalikiranso. Liume kaye."

Bambowo anaiyanika pakhonde pomwe pankadutsa mphepo, kutali ndi simbi, poti kutentha kumamatiza thope pansalu. Kudikirako sikunali kwamasewera. Kumwamba kunali mitambo, mwana ankangoyenda uku ndi uku, ndipo bambowo mtima unali m'mwamba ngakhale ankaimba mluzu ngati palibe kanthu. Mwini malo ometera aja anasuzumira n'kuti, "Lero mwakumana nazo, achimwene. Kasitomala wake ndi wosathawika."

Dzuwa litapendeka thope linauma gwa. Anaikuntha yunifolomuyo, thope n'kumayoyoka ngati makoko, lotsala anachotsa ndi burashi pang'onopang'ono. Panangotsala zipsera zofiirira. Anaitembenuza, n'kuthira madzi ozizira kuchokera kuseri kuti dothi litulukire komwe linalowera. Kenako anapakapo sopo, n'kuiviika kwa kanthawi, n'kuichapa kawiri. Mwanayo maso anali pa manja ong'aluka aja.

M'mamawa anaisita itauma, ili mbee.

Madzulo ake mwana anabwera, ulendo uno ali ndi anzake awiri. Mayeso anali atayenda bwino. Mmodzi wa anzakewo, yemwe anaona ngozi ya dzulo lake ija, ankafuna kudziwa amene anachita zodabwitsazo.

Bambowo anayamba kubisa manja kumbuyo, monga ankachitira nthawi zonse. Mwanayo anagwira dzanja limodzi, sopo ali chuchuchu, n'kulikokera poyera.

"Ndi awa," anatero mokweza. "Ndi bambo anga. Amachapa zovala."