Funso la Makhadi Asanu pa Foni ya Mabatani

Achemwali anga athyola tiyi pa esiteti kuyambira ndili mwana. Chaka china anaganiza zobwereza mayeso a Fomu 4 kuti apeze ukalaliki wa pasikelo, msana upumeko dengu. Chowatsekereza chinali masamu. Ine, mphunzitsi wa masamu kuboma, ndinadziguguda pachifuwa kuti zimenezo asiyire ine.

Foni yawo inali ya mabatani, yosatsegula zithunzi, choncho ndinkawaimbira masana akamapuma, n'kuwawerengera mafunso. Tsiku lina m'buku munali chithunzi cha makhadi asanu, atatu ofiira, awiri akuda. Ine n'kungowerenga mawu apansi pake: "Mwatola makhadi awiri. Mwayi woti onse akhale ofiira ndi wotani?" Chithunzicho ndinkachiona ndine, ndiye ndinangoti dziko lonse likuchiona.

Yankho linali 3 pa 10. M'mawa mwake iwo akuti, "300 pa 1,081."

Ndinapsa mtima, sindinama. "Achemwali, imeneyo ndi nambala ya basi kapena? Mwezi wonse ndikungothira madzi m'dengu!"

Iwo anati, "Chabwino aphunzitsi. Mutu wangawu ndi wa dengu basi. Mayesowo ndawasiya." Foni thi!

Loweruka ndinakwera minibasi ndi manyazi anga. Ndinawapeza pakhonde, mabuku atawamanga kale m'jumbo kuti akapatse mwana wa aneba. Ndinapempha kuti andionetse njira imene anayenda.

Anatulutsa makhadi osewerera a amuna awo, alamu anga, onona mafuta, opindika m'makona. "Unati makhadi. M'nyumba muno makhadi ndi awa. Ndinawerenga, alipo 47."

"Enawo anadyedwa ndi mbuzi," anatero alamu, osachita nazo manyazi n'komwe.

"Ofiira ndi 25," anapitiriza achemwali. "Koyamba, 25 pa 47. Kachiwiri ofiira atsala 24, onse 46. Ndinachulukitsa, n'kuchepetsa."

"Nanga munadziwa bwanji kuti loyambalo silibwezedwa?" Ndinafunsa ine, pakutinso zimenezo sindinanene.

Alamu anadumpha. "Kubweza khadi? Pano? Angakuthyole dzanja anthu!"

Ndinawerengera pansi ndi kamtengo, kawiri konse, thukuta lili kamukamu. Mayi wanga ine! 300 pa 1,081, ndendende. Funso limene anayankha linali lovuta kuposa la m'buku, ndipo analikhoza ndi pensulo yokha.

Ndinavula ulemu wanga wonse n'kunena funsolo bwinobwino: makhadi ndi asanu okha, atatu ofiira, awiri akuda, lotoledwa silibwerera.

"3 pa 5, kuchulukitsa ndi 2 pa 4," anatero akumasula jumbo ija. "3 pa 10. Kasamu kameneka ndi kamene unandinyozera? Masiku atatu ndakhala ndikulira m'munda, iwe, kapitawo mpaka kundifunsa ngati kwathu kwagwa maliro."